Lekani kunamizira anyamata osintha ndalama

Kwacha ikangotsika, mu Maramba ndi mu Dambwa nyimbo imakhala imodzi: anyamata osintha ndalama pa boda ya Victoria Falls ndiwo aononga zinthu, boma liwagwire. Bodza limeneli latikwana. Mnyamata wa madola ochepa m'thumba sangagwetse ndalama ya dziko lonse. Mlandu uli m'buku limene Bank of Zambia imalemba, la ndalama zonse zolowa ndi zotuluka m'dziko.

Tsamba loyamba la bukulo ndi karenti akaunti, la malonda a tsiku ndi tsiku. Kopa ikagulitsidwa kunja, kapena mlendo akalipira loji kuno atabwera kudzaona Mosi-oa-Tunya, madola alowa. Tikagula mafuta, fataleza, mankhwala ndi magalimoto a ku Japan, madola atuluka. Chiwongoladzanja cha nkhongole zakunja ndi phindu limene eni migodi amatumiza kwawo zimatulukiranso pa tsamba lomweli.

Tsamba lachiwiri ndi kapito akaunti, tikaiwerenga pamodzi ndi fainansho akaunti. Apa palembedwa nkhongole zimene tatenga kapena kubweza, ndi ndalama za anthu akunja odzatsegula mabizinesi.

Tiyerekeze kuti pa tsamba loyamba palowa madola 100 koma patuluka 120. Madola 20 osowawo sagwa kumwamba. Tikongole, kapena abwere nawo wamabizinesi, kapena banki yaikulu itape m'nkhokwe yake. Chaka chimodzi zimatheka. Zikapitirira, nkhokwe imachepa, okongoza amakweza chiwongoladzanja, ndipo ofuna dola amachuluka kuposa ogulitsa. Dola imakwera mtengo ngati tomato m'nyengo ya mvula.

Tinaziona ndi maso. Boma linakongola kudzera mu mayurobondi madola 750 miliyoni mu 2012, 1 biliyoni mu 2014, ndi 1.25 biliyoni mu 2015. Madola amenewo anabisa bowo, anthu n'kumaombera m'manja misewu yatsopano. Koma kopa, imene imabweretsa pafupifupi madola 7 pa 10 alionse a katundu wogulitsa kunja, inatsika mtengo mu 2015, karenti akaunti n'kulowa m'bowo kwa zaka zotsatizana. Dola imene inali pafupi ndi K6 kuchiyambi kwa chakacho inapitirira K10 chaka chisanathe. Pa 18 Okutobala dziko linachita tsiku la mapemphero, koma mtengo wa kopa sukonzedwa kutchalitchi.

Choipitsitsa n'chakuti nkhongole ya dzulo pa tsamba lachiwiri imabala chiwongoladzanja pa tsamba loyamba chaka chilichonse. Mu Novembala 2020 Zambia inalephera kulipira madola 42.5 miliyoni a chiwongoladzanjacho, dola ili pamwamba pa K20, maloji kuno ali gwa chifukwa cha korona.

Wandale akadzabweranso ndi lonjezo lotsitsa dola, mufunseni kuti madolawo achokera pa tsamba liti. Akati tikongola, mufunsenso kuti tidzagulitsa chiyani kunja pobweza.