ZA UMOYO WATHU: Koloko ya Mtima Ikalira

Owerenga athu ena amathamanga kapena kupalasa njinga atabvala koloko ya pamkono yowerenga kugunda kwa mtima, koma ikalira sadziwa cimene yanena.

Yambani ndi malire a mtima wanu. Cotsani zaka zanu pa 220. Bambo wa zaka 40 apeza 180, ndipo kumeneku ndiko kugunda kwakukulu kumene mtima wake ungafike pa mphindi imodzi. Nambalayi ndi yongoyerekeza, pakuti anthu obadwa caka cimodzi angathe kusiyana ndi kugunda 10 kapena kuposerapo.

Koloko zambiri zimagawa malirewa m'zigawo zisanu. Cigawo colembedwa Zone 2 kawirikawiri cimayambira pa magawo 60 kufika 70 pa 100 alionse, ndiye kuti kwa bamboyu ndi 108 mpaka 126. Ali m'menemo amapuma mwamphamvu koma akhoza kuceza ndi mnzake. Akaika koloko pa cigawoci, idzalira pamene wapyola 126, monga pokwera citunda. Acepetse liwiro ndi kudikira, cifukwa mtima sutsika nthawi yomweyo.

Koma koloko imanamanso, makamaka lamba wake akakhwefuka. Ikalumpha kufika 170 iye akuceza bwinobwino, aime, agwire mtsempha wa padzanja ndi kuwerenga kwa masekondi 15. Akapeza 30, aculukitse kanai, ndiye 120.

Mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi, monga atenololo, amacepetsa kugunda kwa mtima, motero amene amawamwa afunse kucipatala asanatsate masamuwa. Ndipo womva kupweteka m'cifuwa kapena cizungulire aime pomwepo, ngakhale koloko ili cete.