Mafoni a anchito: tilipililetu kapena tidikile bilu?

Tiyelekeze mayi wa ku Shimabala amene amagulitsa miyala na mabuloko m'mbali mwa mseu wa Lusaka–Kafue. Ali na anchito asanu: madalaivala awili, oumba mabuloko awili na wa pa sitandi. Onse amawagulila tokotaimu. Kodi apitilize pulipedi, yolipililatu, kapena alowe positipedi, ya bilu ya pamapeto pa mwezi? Ise tikuti akhale pa pulipedi, koma asinthe kagulidwe.

Tiike manambala ongoyelekeza. Akapatsa aliyense K40 pa Mande, ni K200 pa wiki, K800 pa mawiki anai. Ndiyeno kampani ya mafoni yamuuza kuti laini iliyonse ya positipedi ni K150 pa mwezi, zonse K750. Pa pepala wapulumutsa K50.

Koma laini ya positipedi yopanda malile siima mamineti na data zikatha. Imapitiliza kuwelenga, nthawi zambili pa mtengo wokwela. Dalaivala mmodzi akaonela mpila pa foni podikila kulonga miyala, n'kupitilila na K300, bilu yafika K1,050, ndipo mayi adzadziwa mwezi utatha. Akacedwa kulipila, malaini onse asanu angadulidwe tsiku limodzi, galimoto ili pa tologeti, kasitomala akudikila ku Cilanga.

Palinso nyengo. Mvula ikalimba mu Januwale na Febuluwale, omanga amacepa. Pa pulipedi mayi angagulile madalaivala okha, K320 pa mawiki anai. Pa kontilakiti K750 ija imabwelabe, malonda aliko kapena kulibe.

Sitikubisa, pulipedi nayo ili na matenda. K40 ya m'manja imasanduka nsima ya masana kapena kubeca, Lacitatu munthu wayamba kale kupeja. Mankhwala ake ni kusapeleka kashi. Mayi agule bando kucokela pa mobailo mane yake, ipite pa nambala ya wanchito, ndipo mesiji yotsimikiza ikhale lisiti.

Cacikulu kuposa mtengo ni mwini nambala. Malamulo a ZICTA amafuna kuti simu iliyonse ilembetsedwe. Ngati nambala imene makasitomala amaimbila inalembedwa pa leji ya dalaivala, tsiku losiya nchito amapita nayo pamodzi na makasitomala. Apa positipedi imapambana, cifukwa malaini amakhala m'dzina la bizinesi. Koma mayi angapite ku MTN, Airtel kapena Zamtel na mapepala a PACRA na TPIN, akafunse zolembetsa masimu a pulipedi m'dzina la bizinesi. Afunsenso za CUG, imene imacipitsa kuimbilana kwa anchito okhaokha.

Positipedi ni ya amene ndalama imalowa mwezi uliwonse mosadumpha. Ngati ndimwe otelo, musasaine musanamve mayankho awili: kodi laini iliyonse idzaima yokha ikafika pa malile, nanga wanchito akacoka pakati pa kontilakiti, laini yake mudzailipila mpaka liti?