Galasi likachita chifunga, zimitsani batani la muvi wokhota

Mwezi wa Juni ndinakwera galimoto ya amalume kuchokera ku Thyolo kupita ku Limbe, chiperoni chili waa. Tinalimo anthu asanu, majuzi atanyowa, mawindo onse otseka. Tisanapite patali galasi lakutsogolo linayera mbuu, amalume n'kuyamba kulipukuta ndi dzanja uku akuyendetsa. Mumsewu wokhotakhota ngati umenewu, wanjinga sumuona bwino.

Ine ndimati wolakwa wamkulu ndi batani limodzi, lija lojambulidwa galimoto yokhala ndi muvi wokhota mkati mwake. Likayaka, galimoto imasiya kukoka mpweya wakunja, imangozunguza womwe uli mkatimo. Madalaivala ambiri amalisiya choyatsa chaka chonse, mwina osadziwa n'komwe.

Chifunga chija ndi madzi athu omwe. Tikamapuma timatulutsa nthunzi, zovala zonyowa nazonso zimawonjezera. Mpweya wofunda umanyamula nthunzi yambiri: pa madigiri 20, kiyubiki mita imodzi imatha kusunga magalamu pafupifupi 17, koma pa madigiri 10 imangokwanitsa 9 basi. Ndiye mpweya wathu wofunda ukakhudza galasi lozizira, nthunzi yotsalayo imasanduka timadontho. N'chimodzimodzi botolo lochokera mufiriji likamachita thukuta. Batani lija likakhala choyatsa, chinyezicho chilibe potulukira, chimangochuluka.

Ndinawapempha amalume alizimitse, aloze mphepo kugalasi, fani aikweze mpaka pomaliza, hita ayatse, kenako adine `A/C`. Apa anandiyang'ana: "Iwe, kuzizira konseku?" Komatu `A/C` imaumitsanso mpweya. Mpweyawo umadutsa pa chitsulo chozizira kwambiri, nthunzi n'kusanduka madzi, aja mumawaona akudontha pansi pa galimoto. Ukatero umadutsa mu hita n'kufika pagalasi uli wouma komanso wotentha. Posakhalitsa kunsi kwa galasi kunayamba kuoneka, kuyera kuja kukuthawira m'mwamba. Ngati `A/C` inafa, tsitsani mawindo awiri pang'ono chabe. Kupukuta ndi dzanja kumasiya mafuta pagalasi, usiku magetsi a anzanu amakuthobwani m'maso.

Sindikuti bataniro n'lachabe ayi. Mukakhala kumbuyo kwa lole yofuka utsi, kapena mumsewu wafumbi, liyatseni. Mu Okutobala nalonso limathandiza `A/C` kuziziritsa msanga, bola muyambe mwatulutsa mpweya wotentha uja potsekula mawindo. Koma mukadutsa fumbilo lizimitseni, chifukwa paulendo wautali kaboni dayokisaidi yemwe tikupuma amachulukana, dalaivala n'kuyamba kusinza.

Nthawi ya dzinja, kukatentha ndi chinyezi, `A/C` imatha kuziziritsa galasi mpaka chifunga n'kugwira kunja. Yatsani mawaipa kamodzi. Chikachoka, ndiye kuti chinali chakunja, ndipo chofunika n'kuchotsa mphepo yozizirayo pagalasi.