Phunziro la pa Tsiku la Woyendera: Kukonzekera Kapena Kudzionetsera?

Kuonerera phunziro, kumene ndi kukhala pansi kwa woyendera m'kalasi kuyambira pamene mphunzitsi walonjera ophunzira mpaka pamene wafufuta pa bolodi, ndi njira yaikulu imene maphunziro a pulayimale m'Malawi amadziwira ngati munthu akuphunzitsa bwino kapena ayi. Wophunzira uphunzitsi wochokera ku makoleji monga a Lilongwe, Kasungu, Machinga kapena Karonga amaonereredwa ndi aphunzitsi ake a ku koleji pa nthawi imene watumizidwa kukayeserera ntchito pa sukulu, ndipo malikisi a tsikulo amalowa m'zimene zidzamupatse satifiketi. Mphunzitsi amene ali kale pa ntchito amaonereredwa ndi mphunzitsi wamkulu, ndi mlangizi wa maphunziro wa m'zoni yemwe ambiri amangomutchula kuti a PEA, komanso nthawi zina ndi oyendera sukulu ochokera ku unduna, amene kuyambira mu 2015 ali ndi miyezo 26 ya maphunziro a dziko lino yoti aziyezera sukulu. Funso limene limagawanitsa aphunzitsi ndi lakuti: munthu akadziwa kuti mawa kubwera woyendera, kodi akonze phunziro loposa la masiku onse, kapena aphunzitse monga achitira Lachiwiri lililonse?

Amene amati phunziro la tsikulo liyenera kukhala lapadera ali ndi mfundo yosavuta kuikana. Kuyambira Sitandade 3 kupita m'tsogolo phunziro limodzi limatenga mphindi 35, ndipo woyendera amene wayenda mtunda wautali pa njinga yamoto sadzabweranso posachedwa, choncho mbiri ya mphunzitsi ya miyezi yambiri imapachikidwa pa mphindi zochepazo. Iwo amati mlendo saphikirwa ndiwo za dzulo, ndipo palibe chinyengo pamene munthu aonetsa zonse zimene angathe pa tsiku limene akuyesedwa, makamaka wophunzira uphunzitsi amene akalephera mayesowa angabwereze ntchito yonse. Amawonjezeranso kuti phunziro lokonzedwa mosamala chotero limaphunzitsa mwini wake, pakuti amene wakhala usiku wonse kuganizira dongosolo la mafunso ake amatulukamo ndi luso limene adzagwiritse ntchito ngakhale woyendera atapita.

Otsutsa amayankha kuti woyendera sabwera kudzaona zimene mphunzitsi angathe atapatsidwa sabata yathunthu yokonzekera phunziro limodzi, koma zimene ana amalandira tsiku ndi tsiku kwa munthu amene ali ndi maphunziro asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu pa tsiku. Ngati aonetsedwa chionetsero, malangizo amene adzapereke adzakhala okhudza chionetserocho, ndipo vuto lenileni la kalasiyo lidzatsala mmene linalili. Mbali ziwirizi zimasemphana chifukwa mawu akuti kukonzekera akubisa zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kusiyanako kumaoneka bwino munthu akatsata zimene woyendera amayang'ana.

Asanayambe kumvetsera, woyendera amapempha sikimu, imene ndi ndondomeko ya ntchito ya teremu yonse yogawidwa m'masabata, pamodzi ndi chikonzekero cha phunziro la tsikulo, kaundula wa ophunzira ndi buku la zotsatira za kuyesa ana. Chimene amafuna m'mapepalawa si kukongola kwa malembedwe, koma kugwirizana: mutu wa lero upezeke pa sabata yake mu sikimu, ndipo zimene zalembedwa kuti zinaphunzitsidwa sabata yatha zipezeke m'makope a ana. Pa chikonzekero diso lake limathamangira pa zizindikiro za kakhonzedwe, mawu amene anabwera ndi silabasi ya pulayimale imene inayamba kulowa m'sukulu mu 2007, otanthauza zinthu zooneka zimene wophunzira ayenera kuchita pofika kumapeto kwa phunziro. Chizindikiro cholembedwa kuti ophunzira amvetsa kuchotsera sichithandiza aliyense, chifukwa kumvetsa sikuoneka ndi maso, pamene cholembedwa kuti ophunzira achotsera nambala za mahandiredi pobwereka kamodzi chimauza woyendera chimene akafune m'makope mphindi 35 zikatha. Zina zonse za pa fomu yake, monga chiyambi cha phunziro, kafunsidwe ka mafunso, kagwiritsidwe ka zipangizo, kasamalidwe ka nthawi ndi kutenga mbali kwa atsikana ndi anyamata, zimayezedwa potsata chizindikirocho.

Phunziro la masamu la kuchotsera mobwereka, m'kalasi ya ana 90, lingaonetse pamene pagona nkhani. Mphunzitsi amene wakonzekera kudzionetsera amaphunzitsa mutuwo dzulo lake, nauza ana kuti mawa kubwera alendo ndipo aliyense adzakweze dzanja. Pa tsikulo alemba 352 − 127 pa bolodi, ndipo asanamalize kufunsa manja akwera kale, mwana wa kutsogolo ayankha kuti 225, kalasi yonse iwomba m'manja mwa kayimbidwe kake, ndipo phunziro limene linayenera kudzaza mphindi 35 latha pa mphindi 20. Woyendera wozolowera ntchito amazindikira msanga, pakuti ana amene akukumana ndi mfundo koyamba amazengereza, amalakwa ndipo amafunsana, ndipo akatsegula kope la mwana wa kumbuyo amapezamo samu yomweyo ili ndi deti la dzulo. Oyendera ena amangopempha choko nalemba samu yawoyawo, 461 − 238, ndipo chete amene amatsatira amanena zonse.

Mphunzitsi amene wakonzekera kuphunzitsa amathera nthawi yake pa chinthu china, chomwe ndi kusankha nambala. Pa kuchotsera mobwereka ana amalakwa m'njira ziwiri zodziwika: ena akaona kuti nambala ya pamwamba pa mawani ndi yaing'ono amangotembenuza nachotsera yaing'onoyo ku yaikulu ya pansi, pamene ena amabwereka bwinobwino koma amaiwala kuchepetsa mateni amene abwerekako. Pa samu ya 352 − 127 zolakwa ziwirizi zimabereka yankho limodzi, 235, chifukwa 7 kuchotsa 2 ndi 5, ndipo 12 kuchotsa 7 ndi 5 yemweyo, kotero mphunzitsi amene waona 235 m'kope sangadziwe matenda amene akuchiza. Akangosintha nambala imodzi kuti samuyo ikhale 352 − 128, yankho lolondola ndi 224, mwana wotembenuza apeza 236, ndipo woiwala kuchepetsa mateni apeza 234. Tsopano mphunzitsi amene akuyenda pakati pa mizere, kumene m'kalasi yodzaza chotero kumakhala kulumpha miyendo ya ana okhala pansi, angathe kuwerenga maganizo a mwana aliyense pongoyang'ana yankho. Wa 236 afunika kubwerera ku timitengo tomangidwa m'mitolo ya khumikhumi kuti amasule mtolo umodzi ndi manja ake naone kumene 12 achokera, pamene wa 234 afunika kungokumbutsidwa kudula 5 ndi kulemba 4. Kukonzekera kotereku kumatenga mphindi zochepa, kungachitike tsiku lililonse, ndipo sikubisa kanthu kwa woyendera, chifukwa ana adzalakwabe pamaso pake, koma iye adzaona mphunzitsi akuchitapo kanthu pa kulakwako.

Zolakwa zambiri za pa tsiku la kuonereredwa zimabadwa pa kuopa kuti ana angalakwe. Mphunzitsi amafunsa kalasi yonse kuti "Mwamva?" ndipo ana 90 amayankha pamodzi kuti "Eee," yankho limene silinena kanthu za mwana mmodzi aliyense. Amasankha ana asanu anzeru okhaokha kuti ayankhe, osadziwa kuti oyendera ena amalemba kachizindikiro pa pepala nthawi iliyonse imene mwana waloledwa kuyankhula, ndipo pomaliza chithunzi cha kukondera chimaoneka poyera. Amatalikitsa chiyambi, chimene chinayenera kutenga mphindi zisanu zokha, ndi nyimbo ndi kubwereza za dzulo, mpaka belu limalira ana asanalembe samu ngakhale imodzi paokha, ndipo pamenepo chizindikiro cha kakhonzedwe chimatsala chopanda umboni. Amapachika tchati chokongola chimene sachigwiritsa ntchito, kapena cholembedwa timalemba tating'ono tosawerengeka kwa mwana wa mzere wachisanu.

Komabe kungakhale kukondera kuika mlandu wonse pa mphunzitsi, pakuti chionetsero chimakula pamene pali wochigula. Fomu imene imapereka malikisi chifukwa chakuti ana anakhala m'magulu, osafunsa chimene anachita m'magulumo, imaphunzitsa aphunzitsi kuunjika ana khumi ndi asanu pa pepala limodzi, mmodzi akulemba ndipo enawo akuonerera. M'kalasi yodzaza, monga zambiri zakhalira kuchokera pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, ntchito ya awiriawiri imapatsa ana ambiri mpata woganiza kusiyana ndi magulu aakulu, koma mphunzitsi amene akudziwa zimenezi amaopa kuti woyendera adzalemba kuti njira zotengera mbali ophunzira sizinaoneke. Vuto lofanana nalo limapezeka m'maphunziro a kuwerenga a Sitandade 1 mpaka 4, amene kuyambira mu 2016 amatsata mabuku a mphunzitsi olongosola sitepe iliyonse, kuti mphunzitsi ayambe wachita yekha, kenaka achite pamodzi ndi ophunzira, pomaliza ophunzira achite okha. Woyendera amene amangoona ngati masitepe onse atsatidwa angadzudzule mphunzitsi amene waima kuti abwereze liwu limene theka la kalasi silinaligwire, chonsecho kuimako ndiko kunali kuphunzitsa. Aphunzitsi amene amakonza zionetsero nthawi zambiri amakhala atawerenga bwino mtima wa amene amawayendera.

Pa chifukwa chimenechi mbali ya kuonerera imene imanyalanyazidwa kwambiri, kukambirana kwa pambuyo pa phunziro, ndiyo imene ingathetse mkanganowu. Mwa mwambo wake woyendera amayamba wapempha mphunzitsi kuti anene yekha zimene zayenda bwino ndi zimene sizinayende, ndipo ambiri amataya mwayiwu poyankha kuti zonse zinali bwino kupatula kuchepa kwa nthawi. Amene anaphunzitsa 352 − 128 ali ndi zonena zina: kuti mwa makope makumi atatu amene anakwanitsa kuona, ochuluka mwa olakwa anali ndi 236, kuti zimenezi zikusonyeza kuti kumasula mtolo kunachitika mofulumira kwambiri, ndi kuti mawa ayamba ndi nambala za mateni zokha asanabwerere ku mahandiredi. Yankho lotere limakakamiza woyendera kusiya kuwerenga matchati a pa khoma n'kuyamba kukamba za masamu, ndipo limalowa m'danga la pa chikonzekero limene mphunzitsi amalembamo mmene phunziro layendera, danga limene m'mabuku ambiri limadzazidwa ndi mawu amodzimodzi akuti phunziro linayenda bwino.