Phindu la dola limaoneka ukaliyerekeza ndi chimene wasiya

Pa Renkini, depoti ya mabasi akumidzi imene ili pafupi ndi Makokoba ndi Mzilikazi mu mzinda wa Bulawayo, ndalama siigona m'thumba. Mabasi opita ku Tsholotsho, Nkayi, Lupane ndi Binga amadikira kuti adzaze, ndipo pakati pawo pamadutsa amayi onyamula buledi, nthochi, maputi ndi zakumwa, anyamata okankha ngolo, komanso ogulitsa zidebe ndi mabeseni. M'makomboni akale a mzindawu muli ana ndi zidzukulu za makolo athu amene adachoka ku Nyasalande kudzagwira ntchito kunjanji ndi m'mafakitale. Mafakitale ambiri adatsekedwa, ndipo mabanja ochuluka tsopano amadalira geni. Ndi chifukwa chake ndikufuna tikambirane masamu amodzi amene ambiri timawalumpha.

Tikamawerenga phindu timachotsera ndalama yoodera pa ndalama yogulitsira, basi. Koma dola iliyonse imene wayiika pa chinthu china wayimana ntchito ina imene ikadagwira. Mtengo weniweni wa chisankho ndi phindu la chinthu chabwino koposa mwa zimene wazisiya. Mfalansa wina wolemba za chuma, Frédéric Bastiat, adalemba mu 1850 za kusiyana kwa zooneka ndi zosaoneka pa nkhani za ndalama. Chooneka ndi katundu ali pabenchi. Chosaoneka ndi malonda amene sadachitike chifukwa mpamba udamangika pa katundu ameneyo.

Tiyerekeze mayi amene ali ndi mpamba wa madola 40. Mitengoyi ndi yongofanizira, aliyense aikepo yake. Njira yoyamba ndi kuoda buledi, nthochi ndi zakumwa m'mawa, n'kumagulitsa m'mawindo a mabasi. Pofika madzulo wapeza madola 48. Akachotsa madola 3 a wokankha ngolo ndi a nthochi zoonongeka, watsala ndi phindu la madola 5. Njira yachiwiri ndi kuoda zidebe ndi mabeseni a madola 40 omwewo, zimene zikatha zonse zidzabweretsa madola 70. Akachotsa madola 6 onyamulira ndi osungitsira katundu usiku, phindu ndi madola 24.

Munthu akamva 24 ndi 5, mtima umathamangira ku zidebe. Funso limene layiwalika ndi la masiku. Buledi amatha tsiku lomwelo, ndipo mpamba umabwerera m'manja kuti ukaodenso mawa. Chidebe munthu sagula tsiku ndi tsiku, mwina katundu yense angatenge masabata awiri, amene ndi masiku 12 a malonda. M'masiku 12 omwewo buledi akadabweretsa madola 60. Choncho mayi wa zidebe wapatadi 24, koma walipira 60 imene sadzailemba m'kope lililonse. Wabwerera m'mbuyo ndi madola 36, chikhalirecho akusangalala kuti malonda ayenda.

Chizindikiro cha vutoli n'chosavuta kuchiona. Benchi ladzaza katundu, koma m'mawa mulibe ndalama yoodera zimene anthu akufunsa. Kasitomala wachitatu akabwerera chifukwa mulibe chakumwa chozizira, pamene mabeseni achita fumbi, dziwani kuti mpamba uli pamalo olakwika.

Masamu omwewa amaluma kwambiri pa ngongole. Mlamu wabwera, watenga katundu wa madola 20, akuti adzabweza pakutha pa mwezi. Tinene kuti ndi munthu wokhulupirika ndipo wabwezadi yonse. Ambiri timati palibe chatayika. Komatu theka la mpamba lachoka pamsika kwa masiku 24 a malonda, ndipo theka limenelo limabala madola awiri ndi theka pa tsiku. Ndiye kuti ngongole ya madola 20 yamudyera mayi uja madola 60. Sindikunena kuti tisathandize abale. Chibale ndi fupa, ndipo mawa ndi ife tidzagogode pakhomo pawo. Ndikunena kuti wothandizayo adziwe kukula kwa thandizo lake. Mwina n'kwanzeru kumupatsa mlamuyo madola 5 aulere ochokera pa phindu kusiyana ndi kumubwereketsa 20 ya pa mpamba.

Koma masamu amenewa ali ndi malire, ndipo wosawadziwa amasokera mbali inayo. Njira imene mukuyerekeza nayo iyenera kukhala yoti mukadaitsatadi. Mayi uja mpamba wake ukakula kufika madola 80, sizitanthauza kuti adzagulitsa buledi wowirikiza. Okwera mabasi ndi omwe aja, ogulitsa anzake ndi ambiri, ndipo buledi wotsala amauma. Madola 40 owonjezerawo sakupikisananso ndi buledi, akupikisana ndi kungokhala m'kachikwama osabala kanthu. Pamenepo zidebe zasanduka chisankho chabwino, ndipo madola 24 aja ndi phindu lenileni. Chinthu chomwecho chimene chinali cholakwika pa mpamba wa 40 chakhala cholondola pa mpamba wa 80. Nyengo nayo imasintha yankho. Mu Disembala, pamene anthu ochokera ku Joni ndi a m'tauni akukhamukira kumudzi atanyamula mphatso, zidebe zimatha msanga, ndipo kuwerenga kuyenera kuyambanso.

Wokwera basi nayenso ali ndi masamu ake. Taganizirani mmisiri womanga nyumba amene amapeza madola 15 pa tsiku, ndipo akufuna kukapereka madola 50 kwa mayi ake ku Nkayi. Ngati basi ndi madola 10 kupita ndi 10 kubwera, iye amati ulendo wamudyera 20. Koma wasiya ntchito masiku awiri, amene ndi madola 30. Ulendo wonse ndi madola 50, ofanana ndendende ndi ndalama imene wakapereka. Akadatumiza pafoni kapena kudzera mwa kondakitala wodziwana naye, mayiyo akadatha kulandira pafupifupi kawiri. Komabe ngati sabata imeneyo kulibe ganyu, masiku awiriwo sakumutayitsa kanthu, ndipo mtengo wabwerera pa 20. Ndiponso kuona nkhope ya kholo, kuona denga ngati likudontha ndi kumva za matenda amene safotokozedwa pafoni n'zinthu za mtengo wake. Akasankha kupita, apite akudziwa kuti kucheza kumeneko wakugula madola 50, ndipo wakhutira nazo.

Anthu a ku Zimbabwe phunziroli adaliphunzira mowawa mu 2008, pamene ndalama yosungidwa usiku umodzi kunkacha itatha mphamvu. Lero, pamene dola ya ku America, randi ndi ZiG imene idayamba mu Epulo 2024 zikuyendera limodzi m'misika, wamalonda aliyense amaganiza kawiri kuti asunge iti ndipo aodere iti. Luso lofananiza tili nalo kale. Chotsala n'kuligwiritsa ntchito pa katundu, pa ngongole ndi pa masiku athu.

Pempho langa kwa inu a geni ndi ili. Musanaode katundu watsopano, lembani zinthu zitatu: phindu limene mukuyembekeza, masiku amene katunduyo adzatenge kuti athe, ndi ndalama imene mpamba womwewo ukadabala m'masiku omwewo pa malonda amene mukuchita kale. Ngati nambala yoyamba siikuposa yachitatu, katunduyo musiyeni kwa mwini wake.