Dzina lapakati lisakusokonezeni pogawa mayina pa mndandanda

Abale ndi alongo a geni komanso madalaivala, nkhani ya lero ndi ya mndandanda wa mayina. Tikachita haya basi yopita ku Joni kapena tikamatumiza katundu wa anthu ambiri pa thiraki imodzi, timatolera mayina pa WhatsApp n'kuwaponya mu Excel kapena Google Sheets, dzina lonse m'kabokosi kamodzi. Kenako eni basi kapena ejenti amati akufuna dzina la bambo palokha, mayina enawo paokha. Ife maganizo athu ndi akuti pogawa muziyambira kumapeto kwa dzina osati koyambirira, dzina lapakati musalitaye, ndipo pamapeto pake muziyang'ana pasipoti chifukwa kompyuta siidziwa zonse.

Izi tinaziphunzira movutikira. Pa ulendo wina tinali ndi mayina 46. Tinagwiritsa ntchito Text to Columns, ija imadula dzina paliponse pamene pali mpata. Tinayang'ana mizere isanu yoyamba, taona ili bwino, basi n'kutumiza. Koma anthu a mayina awiri anali 29 okha. Anthu 14 anali ndi mayina atatu, ndipo atatu anali ndi anayi. Kwa anthu 17 amenewa dzina lapakati linakakhala m'kolamu ya dzina la bambo, dzina la bambo lenileni n'kugwera m'kolamu yachitatu kapena yachinayi imene sitinaitumize. Tiyerekeze munthu ndi Grace Chikondi Banda: papepala anasanduka mayi Chikondi. Pa boda ina ofesala atayamba kufananiza mndandanda ndi mapasipoti, tinakonza ndi bolopeni mmodzimmodzi basi ili chiimire, dalaivala akudandaula kuti mdima utipeza. Mlandu unali wathu, osati wa ofesala.

Text to Columns imaganiza kuti liwu lachiwiri ndiye dzina la bambo, pamene kwa ambiri a ife dzina la bambo ndi liwu lomaliza, kaya kutsogolo kuli mayina angati. Ilinso ndi vuto lina: ngati kolamu yoyandikana nayo ili ndi manambala a pasipoti, zidutswa za dzina zingathe kulemba pamwamba pa manambalawo.

Njira imene timatsata pano ndi iyi. Mayina athunthu akhale mu kolamu A kuyambira mzere 2, ndipo mutsegule makolamu anayi opanda kanthu kumanja kwake. Choyamba ndi kuchotsa mipata yowonjezera, chifukwa anthu akamalemba pafoni amasiya mpata kumapeto kapena mipata iwiri pakati. Mu B2 lembani:

```
=TRIM(A2)
```

Kenako mu C2 tikutenga liwu lomaliza:

```
=TRIM(RIGHT(SUBSTITUTE(B2," ",REPT(" ",50)),50))
```

Fomula imeneyi imaoneka yoopsa koma zimene ikuchita n'zosavuta. Mpata uliwonse ikuutambasula kukhala mipata 50, kenako ikudula malo 50 akumapeto. Muli liwu lomaliza ndi mipata yokhayokha, ndiye TRIM ikachotsa mipatayo patsala Banda. Zotsala zonse zipite mu D2:

```
=TRIM(LEFT(B2,LEN(B2)-LEN(C2)))
```

Apa mutuluka Grace Chikondi. Kokerani mafomula atatuwa mpaka mzere womaliza. Amagwira mu Excel yakale ngakhalenso mu Google Sheets. Ngati laputopu yanu munagula ku Joni ndipo fomula ikukana, yesani kuika `;` m'malo mwa `,` chifukwa makompyuta ena akumeneko anatcheredwa choncho.

Ena amati dzina lapakati tingolichotsa, fomu yangofunsa dzina loyamba ndi la bambo. Ife tikukana. Tsegulani pasipoti yanu muone: pali dzina la bambo pamzere wake, ndipo mayina ena onse ali limodzi pamzere wina. Mndandanda wofanana ndi pasipoti sufuna kufotokozera munthu. Chinanso, m'basi imodzi mutha kukhala a Grace Banda awiri, ndipo chowasiyanitsa ndi dzina lapakati lomwelo. Katundu akasokonekera pakati pa awiriwa, amene alipire ndi inu wolemba mndandanda.

Koma fomula ili ndi malire ake. Taonani mayina a atsogoleri awiri amene tonse timawadziwa. Pa Hastings Kamuzu Banda itulutsa Banda, zili bwino. Pa Bingu wa Mutharika itenga Mutharika, ka "wa" n'kukasiya kumbali ya mayina oyamba, ndipo kompyuta ilibe njira yodziwira kuti kayenera kupita mbali iti. Makasitomala a ku Tete ndi ku Beira ali ndi mayina monga dos Santos ndi da Silva, a ku South Africa ali ndi van der Merwe ndi du Plessis. Onsewa fomula iwadula pakati. N'chifukwa chake timaika kolamu E yowerenga kuti dzina lili ndi mawu angati:

```
=LEN(B2)-LEN(SUBSTITUTE(B2," ",""))+1
```

Ikani Filter pa kolamu imeneyi, musankhe okhawo osonyeza 3 kapena kupitirira. Pa mndandanda wathu uja akanakhala anthu 17, ntchito ya mphindi zochepa. Titaubwereza kunyumba, 13 anatuluka bwino, anayi tinakonza pamanja. Wosonyeza 1 ndi munthu amene anatumiza dzina limodzi lokha, mumuimbire foni.

Pali gulu lina limene kolamu E singaligwire, la anthu oyamba ndi dzina la bambo monga tinkachitira kusukulu: Phiri James. Mawu ndi awiri, fomula itenga James. Mukasanja kolamu C kuyambira A mpaka Z n'kuwerenga ndi maso, ena muwazindikira. Koma musafulumire kutembenuza, chifukwa kwathu kuno alipo anthu amene dzina la bambo wawo ndi James, John kapena Saidi ndithu.

Apa ndi pamene pasipoti imathetsa mkangano. Pansi pa tsamba la chithunzi pali mizere iwiri yodzaza ndi zizindikiro za `<`. Pa mzere woyamba, pambuyo pa chilembo P ndi zilembo zoimira dziko, dzina la bambo limayamba, kenako zizindikiro ziwiri, kenako mayina enawo:

```
BANDA<<GRACE<CHIKONDI
```

Pa dzinalo, chilichonse chili kumanzere kwa `<<` ndi dzina la bambo, ngakhale likhale la mawu atatu. Amene mukumukayikira, mungomufunsa zimene zalembedwa pamenepo.

Mukamaliza, koperani makolamu C ndi D n'kuwamata pomwepo ndi Paste Special, Values, kenako mukonze pamanja amene akufunika kukonza. Mukapanda kutero n'kufufuta kolamu A, mudzangoona #REF! paliponse. Ndipo kolamu A yoyambirira muisunge pa fayilo yanu, ndiyo umboni wa zimene munthu anatumiza.

Wina anena kuti zonsezi n'kutaya nthawi, kulemba pamanja kuli bwino. Pa mayina khumi tikuvomera, lembani. Pa mayina 46 usiku wa tsiku lonyamuka, dzanja limalakwitsa zilembo, pamene fomula siisintha chilembo ngakhale chimodzi, imangolakwitsa podula, ndipo malo olakwikawo tikudziwa powafuna. Ulendo wotsatira tisadzavutikenso: potolera mayina muuze aliyense alembe mizere iwiri, woyamba dzina la bambo, wachiwiri mayina ena onse, monga zilili mu pasipoti.