Atigulitsa buledi wopaka mtundu m'dzina la tirigu wathunthu

Bambo Mkonzi,

Ndiloleni nditule dandaulo langa pabwalo lanuli, popeza kumene ndinayenera kumvedwa anandibweza mwamwano. Mayi a kunyumba kwanga atapezeka ndi nthenda ya shuga, anamwino anatilangiza kuti nsima ikhale ya mgaiwa, ndipo buledi, ngati sitingathe kumuleka, akhale wochepa ndiponso wa ufa wa tirigu wosachotsa gaga. Motero ine, munthu wodalira kapenshoni kamene kamatha mwezi usanafike pakati, ndakhala ndikugula buledi wa mtengo woposa wa buledi woyera m'sitolo ina yaikulu ya m'tauni, chifukwa pathumba pake analembapo ndi zilembo zazikulu kuti holumilu, najambulapo ngala za tirigu.

Tsono mwana wanga wamkazi, amene anaphunzira ntchito yophika buledi, atabwera kudzationa, ananyema chidutswa nachifinya m'dzanja, ndipo chinangosanduka kampira konyanda kosabwerera. Mtundu wake unali wofiirira mofanana ponseponse, wopanda ngakhale kadontho ka gaga. Anati, "Ababa, uyu ndi buledi woyera, angomupaka mtundu. Weniweni amalemera m'manja, safufuma chonchi, ndipo mukamudula mumaona timadontho."

Ndinatenga magalasi anga nkuwerenga tizilembo takuseri, timene amatilemba mwadala kuti maso a nkhalamba atilephere. Mndandanda wa zosakaniza amaulemba kuyambira cholemera koposa kufikira chochepetsetsa, ndipo unayamba ndi ufa wa tirigu wamba, kenaka madzi, yisiti, shuga, mchere, kalamelo wa nambala E150, amene ali shuga wopsereza wodetsera chakudya, ndipo gaga anali kumapeto kwenikweni. Lingalirani bwino, a Mkonzi. Wophika amathira mchere wokwana pafupifupi magawo 2 pa magawo 100 a ufa, pamene m'njere ya tirigu monga anailengera Mulungu gaga ali magawo ngati 14 pa 100. Tsono gaga wolembedwa pambuyo pa mchere, ndiye kuti wochepa kuposa mcherewo, angakhale bwanji wa njere yathunthu? Ndithu chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Ife ana a mtondo nkhaniyi sitiyenera kuphunzitsidwa, pakuti tidziwa kusiyana kwa ufa woyera, gramili ndi mgaiwa, ndipo kwa tirigu nkomwemo. Pa makilogalamu 100 a tirigu, opera ufa woyera amatengapo 72 kapena 75, atachotsa gaga ndi kamtima kamene mbewu imamerera. Ufa wa bulawuni woona umasunga pafupifupi 85. Koma wa holumilu uyenera kukhala njere yonse, osachotsapo kanthu. Nchifukwa chake magalamu 100 a buledi wa holumilu amakhala ndi magalamu ngati 7 a faiba, chija chimathandiza m'mimba kuyenda bwino, pamene woyera safika nkomwe pa 3. Sindikuti buledi wa gaga ndi mankhwala, iai, nayenso amakweza shuga munthu akamudya mosadziletsa. Koma amene walipirira gaga apatsidwe gaga.

Ndinapita nalo thumbalo kusitolo. Anandiimika nthawi yaitali pafupi ndi khomo, ine wa mawondo owawa, popanda wondipatsa mpando, ndipo mkulu wa pamalopo atatulukira, mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga, sanafune ngakhale kuyang'ana pamene ndinaloza ndi chala. Anangoti, "Madala, bulawuni ndi bulawuni basi. Ife timangogulitsa, sitiphika." Ndalama anakana kubweza ati chifukwa thumba ndinatsegula, ngati kuti munthu angadziwe za m'kati asanatsegule. Atsikana a pamakina anali kuseka. Ndinatuluka misozi ili m'maso, osati chifukwa cha ndalamayo, koma pokumbukira mkazi wanga akudya chidutswa chake m'mawa uliwonse ndi mtima wokhulupirira. Ndipo si zokhazi. Tsiku lothera ntchito analidinda mofufutika, buledi yemweyo wachepa thupi mtengo ukukwerabe, ndipo ufa wa holumilu wa m'mapaketi, umene suchedwa kununkha chiwisi chifukwa cha mafuta a m'kamtima kaja, amauunjika pawindo padzuwa. Nanga bwanji zonse za pathumba zilembedwa m'Chingerezi chokhachokha, pamene ogula ambiri ndife?

Chonde, inu akuluakulu oona za miyezo ya katundu, tigwireni dzanja. Tengani buledi ameneyu m'masitolo mukamuyese, ndipo wopezeka ndi chinyengo alipitsidwe, dzina lake lilengezedwe poyera. Lamulani kuti yense wolemba holumilu aonetse patsogolo pa thumba, m'zilembo zazikulu ndi m'Chichewa, magawo a ufa wathunthu amene wathiramo, ndi kuti buledi wothira kalamelo azilembedwa kuti ngwopaka mtundu. Ndalama yanganso ndikuifuna.

Ine wanu wodandaula,
Mphunzitsi wopuma pantchito